Kamzere koyera m'mphepete mwa munthu wodulidwa pa chithunzi: Defringe sikugwira

Tadala (Kawale): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha thandizo. Ndikukonza positala ya A3 ya mayi wina woimba nyimbo zauzimu, akukhazikitsa chimbale chake Loweruka likubwerali. Chithunzi anajambulitsa ataima pakhoma loyera, wavala diresi yamaruni, tsitsi lake ndi lachilengedwe, lija lofutukuka. Ndamudula bwinobwino ndi masiki, koma nditamuika pa buluu woderako, thupi lonse lazunguliridwa ndi kamzere koyera. Kutsitsi ndiye kwanyanya, kukuoneka ngati kuli utsi. Ndapita pa Layer > Matting > Defringe, ndalemba 2, palibe chasintha. Ndalemba 10, chimodzimodzi. Ndikugwiritsa ntchito Photoshop CS6. Opulinta akuti fayilo ifike mawa masana.

Blessings: Achemwali musavutike. Ikani Feather ya 3 pa masikiyo, kamzereko kasungunuka kokha. Ine ndimatero.

Tadala (Kawale): Ndayesa pompano achimwene. Kamzereko kafewadi, koma kakula. Tsopano mayiyo akuoneka ngati akuwala thupi lonse.

A Nkhoma (Old Town): Feather ichotseni kaye, a Tadala, ibwerere pa 0. Imangofewetsa mphepete mbali zonse ziwiri, mkati ndi kunja, ndiye kunjako ikuloleza khoma lochulukirapo kuti lionekere.

Za Defringe, simunalakwitse nambala. Vuto ndi loti iyo siona masiki. Imayang'ana pomwe mapikiselo enieni a leya athera n'kuyamba popanda kanthu, kenako imatenga mtundu wa mkati pang'ono n'kupaka pa mapikiselo a m'mphepetewo. Inu mwangobisa khoma ndi masiki, khomalo likadalipo lonse kuseri. Choncho kwa Defringe mphepete mwa leya yanu ndi m'mbali zinayi za chithunzi, osati paphewa la mayiyo. Mukanalemba 50 zikanakhala chomwecho.

Musanachite chilichonse ndiyankheni ziwiri. Chithunzicho ndi cha mapikiselo angati? Ndipo chinakupezani bwanji?

Tadala (Kawale): Ndi 1200 m'lifupi, 1600 m'litali. Ananditumizira pa WhatsApp. Ndachikulitsa kale kuti chidzaze positala.

A Nkhoma (Old Town): Ndimaganiza choncho. A3 pa mapikiselo 300 pa inchi ndi 3508 kwa 4961, kutanthauza kuti mwachikulitsa pafupifupi katatu. Kamzere komwe pachithunzi choyamba kanali ka mapikiselo 2 tsopano ndi ka 6, ndipo papepala ndi theka la milimita. Pa buluu woderako theka la milimita loyera munthu amaliona ali chapatali. Bwererani ku chithunzi chosakulitsa, mukonze mphepete kumeneko, kukulitsa kubwere pomaliza. Ndipo muimbireni mayiyo kapena wojambulayo atumizenso ngati Document, chifukwa chotumizidwa mwachizolowezi WhatsApp imachichepetsa n'kuchifinya, ndipo kufinyako kumasiya timadontho totuwa pomwe chakuda chakumana ndi choyera. Ndi pamphepete pomwe mukulimbana napopo.

Chisomo (Area 25): Ine wanga ndi wosavuta. Ctrl+J kuti mupange kope la leya, bisani yapansiyo, dinani kumanja pa masiki ya kopelo, Apply Layer Mask, kenako Defringe 1. Basi. Masiki ikapita Defringe imagwira. Ngati leya ili Smart Object yambani mwachita Rasterize Layer, apo ayi zonsezi zimakhala zotuwa, sizidinika.

A Nkhoma (Old Town): A Chisomo akunena zoona, ndipo Ctrl+J yomwe ayambirayo ndi yofunika, kuti leya ya masiki itsale pansi yobisika. Pamapewa ndi pamikono njira imeneyo igwira. Kutsitsi ayi. Ndifotokoze chifukwa chake, pakuti mukachimvetsa ichi simudzafunsanso.

Kamzere koyera kamabwera m'njira ziwiri zomwe m'maso zimafanana. Njira yoyamba ndi yoti masiki yadutsa kunja kwambiri, yatenga kachidutswa ka khoma lenileni. Pamenepo mankhwala ndi kukankhira masiki mkati. Njira yachiwiri ndi yoti masiki ili pamalo oyenera, koma pikiselo yomwe ili pamphepeteyo ndi yosakanikira kale kuchokera m'kamera, theka tsitsi theka khoma. Tiyerekeze ndi manambala a kuwala, 0 kukhala mdima, 255 kukhala kuyera. Tsitsi lili pa 30, khoma pa 250, pikiselo yosakanikirayo ili pa 140. Buluu wanu tinene ali pa 25. Ngakhale masiki itakhala yolondola kwambiri, n'kuionetsa pikiseloyo theka lokha, mupeza theka la 140 kuphatikiza theka la 25, pafupifupi 82. Chomwe chimayenera kutuluka ndi theka la 30 ndi theka la 25, pafupifupi 28. Kusiyana kwa 82 ndi 28 ndiwo utsi mukuuonawo. Masiki imangolamula kuti pikiselo ioneke mochuluka bwanji, mtundu wake siyiusintha.

Paphewa mapikiselo osakanikirawo ndi mzere umodzi kapena iwiri, mutha kungowadula osataya kanthu. Kutsitsi lofutukuka, pafupifupi chingwe chilichonse chakunja ndi chosakanikira. Mukati muwadule onse mumumeta mayiyo. Kumeneko timasintha mtundu, sitidula.

Tadala (Kawale): Apa ndiye ndayamba kumva, bambo Nkhoma. Ndiye kuti ndigawe ntchito pawiri, thupi palokha, tsitsi palokha?

A Nkhoma (Old Town): Eya. Yambani ndi thupi. Pansi pa mayiyo ikani leya ya mtundu umodzi, buluu yemweyo wa positala, kuti muziona zomwe mukuchita. Dinani Ctrl+1 muone pa 100%, chifukwa mukaonera patali kompyuta imatha kukuonetsani kamzere komwe kulibe kapena kubisa komwe kalipo. Dinani pa kabokosi ka masiki, osati ka chithunzi. Tengani Lasso muzungulire thupi lonse kuyambira pakhosi kutsika, mutu muusiye kunja. Kenako Filter > Other > Minimum, Radius 1. Pa masiki, Minimum imakulitsa chakuda n'kuchepetsa choyera, ndiye mphepete yonse ilowa mkati ndi pikiselo imodzi. Kakatsala kamzere bwerezani kamodzi, osapyola apo.

Chenjerani ndi tinthu tating'ono. Minimum imadya mbali zonse ziwiri, ndiye chinthu chokhala mapikiselo 3 m'lifupi chitsala ndi imodzi. Ndolo, chingwe cha maikolofoni, nsonga za zala, izi muzichotse mu Lasso yanu.

Mphatso: Kungoonjezera pa a Nkhoma. Minimum ya mu CS6 imangolola manambala athunthu ndipo imakonda kusiya makona pamalo okhota ngati paphewa. Mu Photoshop yatsopano muli Preserve, mukasankha Roundness mutha kulemba ngakhale 0.6. Poti achemwali muli pa CS6, ine ndikanadzera kwina. Masiki yomweyo, Lasso yomweyo, Filter > Blur > Gaussian Blur ya 1, kenako Ctrl+L kuti mutsegule Levels. Kokerani kamuvi kakuda ka Input Levels kumanja pang'onopang'ono uku mukuyang'ana paphewa. Muona mphepete ikulowa mkati, muime pomwe kamzere kathera. Kwa ine kawirikawiri zimathera pakati pa 80 ndi 120. Mphepete ikafewa kwambiri kokerani kamuvi koyera kumanzere pang'ono. Ubwino wake mumaona ndi maso, simulota nambala.

Blessings: Ndiye ndi Feather yomwe ndinanena ija imeneyo, bwanji munandikana?

Mphatso: Theka lake ndi lomwelo achimwene, kufewetsa. Koma inu munaima pomwepo. Kufewetsa kumapanga kamalo kotuwa pamphepete, ndipo Levels ndi yomwe imasankha kuti mphepete yatsopano ikhale pati m'kamalo kameneko. Ndi chimodzimodzi mu Refine Mask. Shift Edge payokha pa masiki youma siyenda kwenikweni, imafuna Feather pang'ono kuti ipeze posuntha. Feather 1, Shift Edge chakumanzere ngati -30%, Contrast pang'ono, zimatuluka zofanana.

Blessings: Chabwino, ndamva. Ine zimandiyendera mwina chifukwa mapositala anga ambiri kumbuyo kumakhala kowala.

Yamikani (Biwi): Pepani ndalowerera. Inenso vuto langa ndi lomweli. Ndinapulintitsa matisheti akuda a timu ya mpira ya kwathu kuno, chizindikiro chonse chatuluka ndi mzere woyera m'mbali, makamaka kumanzere. Pakompyuta chinali bwinobwino. Defringe ndiike zingati?

Chisomo (Area 25): Achimwene zanuzo ndi zina. Ngati anapulinta ndi DTF, njira yodinda pa filimu n'kumata pansalu, makina amaika inki yoyera kuseri kwa mitundu kuti ioneke pansalu yakuda. Mzere ukakhala mbali imodzi yokha ndiye kuti yoyerayo yasemphana ndi mitundu. Auzeni opulinta awongole makina ndipo aonjezere Choke mu pulogalamu yawo, kuti yoyera ilowe mkati pang'ono. Defringe singathandize pomwe fayilo ilibe vuto. Koma tsegulani PNG yanu pa leya yakuda muone kaye. Ngati munasunga ndi Save for Web ngati PNG-8 pomwe Matte ili pa White, mzerewo munauika nokha posunga, ndipo umakhala mbali zonse. Sungani ngati PNG-24, Transparency yochongedwa.

Yamikani (Biwi): Ndi PNG-24, ndipo pa leya yakuda palibe mzere. Ndibwerera kwa opulinta. Zikomo.

Tadala (Kawale): Wojambula watumiza chenicheni ngati Document, ndi 3024 kwa 4032. Ndadulanso. Thupi ndachita njira ya a Mphatso, kamuvi kakuda ndaimika pa 95, mapewa ndi mikono zayera bwino, ndikutanthauza kuti kamzere kachoka. Tsopano tsitsi. Ndalowa mu Refine Mask, ndapaka m'mphepete mwa tsitsi ndi Refine Radius Tool, ndachonga Decontaminate Colors, Amount 100%. Utsi wachokadi koma tsitsi lakunja laoneka ngati lopakidwa phula, timabowo tomwe kumbuyo kumaonekera tatsekeka ndi zofiirira.

A Nkhoma (Old Town): 100% ndi yochuluka. Decontaminate Colors ndi yomwe ikuchita ntchito ija ndinanena, kusintha mtundu wa mapikiselo osakanikira potenga mtundu wa oyandikana nawo omwe ali athunthu. Mukaikankha mpaka kumapeto imapaka paliponse pomwe masiki ili yotuwa, ndiye ngati bulashi yanu inali yaikulu kwambiri n'kusiya zotuwa m'timabowo, timabowoto tadzaza. Bwererani ku leya yoyamba, ikadalipo pansi, poti chida chimenechi chimakukakamizani kutulutsa pa leya yatsopano. Pakaninso ndi bulashi yaing'ono, yongokwana pomwe tsitsi likusakanikira ndi khoma, osalowa mkati mwa mutu. Amount muyambire pa 50%. Dinani K muone masiki yakuda ndi yoyera yokha. Mkati mwa mutu muyenera kukhala moyera mbee, timabowo tikhale takuda. Mukaona zotuwa pakati pa mutu ndiye kuti buluu adzaonekera m'tsitsi.

China, leya yotuluka mu Decontaminate musadzaipakenso choyera pa masiki pofuna kubweza tsitsi. Kuseri kwa masikiyo mapikiselo asinthidwa, mudzangovundukula mizere yopakika.

Utsi wotsalawo mumalize ndi dzanja, ndipo kunena zoona ine njira iyi ndi yomwe ndimaikhulupirira kuposa zonse. Pangani leya yatsopano pamwamba pa mayiyo, dinani Ctrl+Alt+G kuti imamatire pa iyeyo, chilichonse mungapake chisatulukire pa buluu. Tengani bulashi yofewa, Opacity 30%, gwirani Alt mudine pa tsitsi lenileni chapafupi ndi mphepete kuti mutenge mtundu wake, muzipaka pa utsiwo. Muzitenganso mtundu mukasuntha, chifukwa tsitsi lakumwamba komwe kukugwa kuwala silifanana ndi lakumbuyo kwa khutu.

Chisomo (Area 25): Leya imeneyo aiike pa Color, kuti tsitsi lisataye maonekedwe.

A Nkhoma (Old Town): Color imagwira khoma likakhala lobiriwira kapena lofiira, pomwe vuto ndi mtundu wolowerera. Siyikhudza kuwala, ndiye choyera chimatsala choyera. Apa vuto ndi kuwala, choncho aike pa Darken. Darken imasiya chomwe chili chakuda kale kuposa utoto wanu, imangotsitsa chowala. Ndiye zingwe zakuda sizisintha, utsi wokha ndi womwe umada. Multiply imagwiranso koma imadetsa zonse, mukabwereza kawiri pamalo amodzi pamakhala chibanga chakuda.

Chisomo (Area 25): Zoona, ine ndimaganiza za zithunzi zojambulidwa pa kapinga.

Mayi Gondwe (Area 47): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimakonza mapulogalamu a maliro ndi a misonkhano ya amayi kumpingo. Zithunzi zambiri zomwe ndimalandira ndi za amayi a mvano, duku yoyera, bulauzi yoyera, ataima pakhoma la tchalitchi loyeranso. Ena ndi agogo a imvi. Tsono zonse mwanenazi ndi zodetsa mphepete. Nanga munthu amene mphepete mwake ndi moyera mwachibadwa? Ndinayesapo Remove White Matte pa agogo ena, m'mbali mwa imvi munada ngati mwapsa.

A Nkhoma (Old Town): Funso labwino amayi. Remove White Matte imaganiza kuti kuyera kulikonse komwe kuli m'mapikiselo oonekera mkati a m'mphepete kunachokera kukhoma, ndiye imakuchotsa. Pa tsitsi lakuda kapena suti imalondola. Pa imvi ndi duku kuyerako ndi kwa mwini wake, ikakuchotsa pamatsala zakuda zija munaonazo. Pa duku ndi bulauzi musagwiritse chida chilichonse chosankha potengera mtundu, kaya Magic Wand kaya chiyani. Dulani ndi Pen Tool, mzere wanu uziyenda pikiselo imodzi mkati mwa nsalu, posandutsa kukhala chosankhidwa muike Feather ya 0.5. Mukatero palibe choti muchotse, poti khoma simunalitenge n'komwe. Pomwe duku yasowa m'khoma, ikani Curves yongoyembekezera pamwamba, mudetse chithunzi kwambiri mpaka mphepete ioneke, mudule, kenako Curves ija muifufute.

Imvi ndi zovuta, sindikunamizani. Chingwe choyera pakhoma loyera kamera sinachione, ndiye palibe chida chingachitulutse. Ine ndimadula motsatira mutu, kenako ndimajambula tizingwe tochepa ndi bulashi ya pikiselo 1 kapena 2, mtundu ndikutenga pa imvi zomwezo.

Mphatso: Apa ine ndisiyana nanu pang'ono, bambo Nkhoma. Pa chithunzi cha malemu sindikonda kujambula tsitsi lomwe kamera sinaone. Abale amamudziwa munthu wawo. Ine ndimasintha kumbuyo m'malo mwake. Kuseri kwa mutu ndimaika kuwala kofewa, kotuwira, komwe kumanka kukuda kutali ndi munthu. Mphepete yoyera ikakhala pa chotuwira sionekanso ngati cholakwika, ndipo simunakhudze munthuyo.

A Nkhoma (Old Town): Nzeru imeneyo ndi yabwino ngati banja lalola. Koma ambiri amabwera atasankha kale kuti kumbuyo kukhale kwakuda bii kapena kwapepo, ndipo mutu wodulidwa mosalala popanda kachingwe ngakhale kamodzi umaoneka ngati wavala chipewa. Tizingwe khumi sitisintha nkhope ya munthu.

Mayi Gondwe (Area 47): Ndiyesa zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi ndione chomwe mtima wanga ulandire. Pen Tool ndiyo imandichedwetsa, dzanja silinazolowere, koma ndilimbikira.

Tadala (Kawale): Ndabwera ndi zotsatira. Decontaminate ndaisiya pa 55%, bulashi yaing'ono, kenako leya ya Darken. Tsitsi tsopano likuoneka lake, timabowo tikuonetsa buluu. Chatsala chimodzi. Patsaya lakumanja ndi pamkono pali kuwala koyererako komwe kukulowa mkati mwa khungu, mwina mapikiselo 15 kapena 20. Si kamzere kowongoka ayi, kakuzimirira pang'onopang'ono. Ndikankhirenso masiki?

A Nkhoma (Old Town): Ayi, musakankhe, mungamuchepetse tsaya. Kumeneko si kusakanikira kwa mapikiselo, ndi kuwala kwenikweni komwe kunagunda khoma n'kubwerera pakhungu, chifukwa anaima pafupi kwambiri ndi khomalo. Defringe ya 20 ingangokoka mizere yonyansa. Pangani leya ina yomamatira, muiike pa Multiply, mtundu mutenge pakhungu lake lomwe, Opacity ya bulashi 10% basi, mudutse kawiri kapena katatu. Cholinga ndi kuchepetsa, osati kufafaniza. Khungu lakuda limanyezimira m'mbali mwachibadwa, mukachotsa zonse nkhope imaphwatalala. Ndipo mudzamuuze wojambulayo kuti ulendo wina munthu aziima mita imodzi kapena iwiri kuchoka pakhoma.

Chisomo (Area 25): Ine ndikanakusiya momwe kulili kuwalako. Pa buluu woderako kumamulekanitsa munthu ndi kumbuyo, ena amachita kuonjezera dala. Ingoikani kowala pang'ono kumbuyo chakumanja kuti diso lione komwe kukuchokera.

Tadala (Kawale): Patsaya ndakusiya monga anenera a Chisomo, pamkono ndachepetsa ndi Multiply chifukwa kunali kochuluka. Tsopano ndakulitsa n'kuika pa A3, kukulitsa kwake ndi kochepa poti chithunzi chatsopanochi ndi chachikulu. Pa 100% sindikuona kamzere.

Mphatso: Musanatumize yonse, dulani kachigawo ka mutu ndi phewa pa kukula kwake kwenikweni, mukapulintitse pa A4 imodzi pamakina omwewo. Buluu woderako amatuluka wakuda kwambiri papepala kuposa pa sikirini, ndipo utsi womwe simukuuona pano umatha kudzuka pamenepo. Kukaoneka kanthu, leya yanu ya Darken ikadalipo, mungopakanso.

Tadala (Kawale): Ndipita m'mawa akangotsegula. Nanga fayilo ndiwapatse yotani, PDF kapena PSD yomweyi?

Mphatso: PSD yokhala ndi maleya isungeni nokha. Iwo muwapatse kope lophatikiza zonse kukhala leya imodzi, PDF kapena TIFF, kuti mayiyo ndi buluu zikhale zitamatana kale ndipo pulogalamu yawo isawerengenso mphepete mwa njira yake.

Blessings: Achemwali mukabwerako mutiponyere chithunzi cha pepalalo, makamaka kutsitsiko. Ndili ndi positala ya chinkhoswe sabata yamawa, mkwatibwi wavala velo yoyera ndipo akufuna kumbuyo kwakuda. Velo imaonekera mkati, ndiye sindikudziwa ngati Darken ija ingagwire pamenepo.

A Nkhoma (Old Town): Singagwire, velo ikufunika kukhala yoyera. Tumizani chithunzicho tione kaye kuti kuseri kwa veloyo kuli chiyani.